Tikufuna anthu: kukumba maenje pa 29 Novembala, kudzala pa 6 Disembala ku Dzivarasekwa mu Harare

Nabanda (mlembi): Mwaswera bwanji nonse. Nkhani ya mitengo ija yatheka, akomiti ya tchalitchi atilola kudzala kuseri kwa holo mpaka kumalire a bwalo la mpira. Mbande zilipo 60, mango 16, mapeyala 12, mandimu 12, mbawa 12 ndi katope 8. Tidzala Loweruka pa 6 Disembala poti kuno ku Zimbabwe Loweruka loyamba la Disembala ndiye tsiku lodzala mitengo dziko lonse, koma ntchito siyambira pamenepo ayi, maenje tikumba pa 29 Novembala kutatsala sabata imodzi. Chonde amene akubwera asangolemba kuti ndibwera, alembe tsiku lake komanso ntchito imene agwire ndi chimene anyamule, kuti tidziwe pomwe papelewera anthu.

Che Yusufu a ku Mbare: Zikomo amayi, ineyo ndibwera masiku onse awiri, ndili ndi piki imodzi ndi fosholo. Koma bwanji osangopanga zonse tsiku limodzi, ena timachokera kutali, kombi kawiri kupita kawiri kubwera ndi ndalamatu imeneyo

aPhiri a kunazale: Che Yusufu funso lanu ndi labwino ndipo ambiri akuganiza chomwecho, tiyeni tiwerengere limodzi. Dzenje la mtengo wa zipatso ndi masentimita 60 mulitali, 60 mulifupi, 60 kuya, ngati mulibe tepi ndiye muyezo wake dzenjelo lipitirire bondo pang'ono. Pamalo pajapo ndinapondapo, kumtunda ndi katondo wouma gwa, anthu awiri wina ndi piki wina ndi fosholo dzenje limodzi liwatengera mphindi 30 ngati sakucheza. Maenje 60 kwa anthu 20, ndiye kuti awiriawiri magulu 10, gulu lililonse maenje 6, maola atatu amenewo. Mukayamba 6 koloko mumaliza cha m'ma 9 kapena hafu pasiti 9 aliyense atatopa dzuwa litakwera, ndiye nthawi imeneyo muyambe kusakaniza manyowa, kutunga madzi, kudzala, kuzika zikhomo? Mbande zimathera kudzalidwa masana dzuwa lili paliwombo ndi anthu amene akungofuna kupita kwawo, ndipo pamenepo ndi pomwe zolakwika zonse zimachitikira. Chinanso dzenje likakhala sabata mvula imagweramo, dothi limafewa, komanso timaona dzenje limene likusunga madzi osaphwa. Limenelo sitiikamo peyala, peyala mizu ikakhala m'madzi imaola.

Che Yusufu a ku Mbare: Ndamva bambo. Ndiye amene sangathe kawiri asankhe tsiku limodzi basi eti

Nabanda (mlembi): Eya ndi choncho. A mphamvu zokumba tikuwafuna kwambiri pa 29, pa 6 ntchito zake ngakhale agogo ndi ana atha kugwira.

Mayi a Tadala: pepani ndangolowa kumene, kodi ndi ganyu? mwana wa achemwali anga ali pakhomo sakugwira ntchito, amalipira zingati pa dzenje

Nabanda (mlembi): Ayi mayi a Tadala si ganyu, ndi yongodzipereka palibe amene alandire kanthu. Chomwe chikhalepo ndi thobwa ndi mbatata pa 29, pa 6 tiphika nsima ndi nyemba. Mnyamatayo ngati angakonde abwere tikumufuna ndithu pa gulu lokumba, koma mumuuziretu kuti ndalama palibe asadzakhumudwe.

Mayi a Tadala: chabwino ndimufunsa. ine mundilembe kophika pa 6, ndibweretsa poto wamkulu ndi mthiko

Gift wa ku Kambuzuma: Ine ndili ndi maganizo, bwanji kumunsi kuja kumene kumakhala chinyontho tidzaleko bulugamu, amakula msanga zaka zochepa tili ndi mapolo komanso amaumitsa malo udzudzu uchepe. Mbande zake ndingapeze zaulere kwa anzanga

aPhiri a kunazale: Gift zoti amakula msanga ukunena zoona, komanso zoti amaumitsa malo ndi zoona, ndipo vuto lake ndi lomwelo. Kumunsi kuja ndi kuyamba kwa dambo, dothi lake lakuda la makande. Madambo a mu Harare ndi amene amasunga madzi a mvula n'kumawatulutsa pang'onopang'ono kupita m'mitsinje ngati Marimba ndi Mukuvisi imene imakathira m'nyanja ya Chivero, komwe kumachokera madzi a m'mipopi yathu yomweyi. Dambo mwachilengedwe ndi la udzu, silifuna kudzazidwa mitengo, ndiye ife m'kati mwa dambo sitidzalamo chilichonse. Katope 8 uja, amene anzathu kuno amati mukute, tiika m'mphepete chabe pomwe katondo akuthera, iye chinyontho amachikonda. Chinanso bulugamu pafupi ndi nyumba ndi mapaipi a suweji ndi mavuto, mizu imalowa m'mapaipi, nthambi zimathyoka ndi mphepo.

Gift wa ku Kambuzuma: Koma mbawa imachedwa bambo, tidzakhala pamthunzi wake ndife?

aPhiri a kunazale: Mbawa sichedwa monga anthu amanenera ikapeza madzi zaka ziwiri zoyamba, kungoti siingapikisane ndi bulugamu. Nayonso ndi mtengo waukulu kwambiri ndiye ipita kumalire a bwalo kutali ndi holo komanso kutali ndi mawaya a magetsi aja odutsa kumbali ya msewu, pansi pa mawaya sitidzalapo kanthu.

Gift wa ku Kambuzuma: Chabwino ine sindinakhutire kwenikweni koma mundilembe kokumba pa 29, wilibala ndili nayo

Nabanda (mlembi): Zikomo Gift. Ndiike bwinobwino za pa 29 kuti aliyense aone. aPhiri ndi anthu atatu afika hafu pasiti 5 ndi chingwe ndi zikhomo kuika zizindikiro pomwe pakhale dzenje lililonse, mango ndi mapeyala kutalikirana mamita 8, mandimu mamita 5, mbawa mamita 10. Okumba 20 afike 6 koloko, tikufuna mapiki 10 ndi mafosholo 10, makasu nawonso abwere koma khasu palokha pa katondo uja silikwanitsa. Anthu ena 6 a mawilibala kututa manyowa kuchoka pageti pomwe lole idzatsitse kukasiya mulu pambali pa dzenje lililonse. Panopa okumba amene alembetsa ndi 9 okha, mapiki 4, mawilibala 2. Aliyense anyamule madzi ake akumwa, chipewa ndi nsapato zotseka, mapatapata pa ntchito ya piki ayi chonde.

Agogo aNaphiri: Ana anga ine kukumba sindingathe koma manyowa a nkhuku ndili nawo matumba anayi, ndangochotsa m'khola dzulo, wina adzatenge ku Mufakose

aPhiri a kunazale: Agogo zikomo kwambiri koma amenewo pa 6 sitingawaike m'dzenje, a nkhuku ongochotsa kumene ndi otentha amawotcha mizu, mbande imafota masamba kuyambira m'mphepete ngati yapsa ndi moto pasanathe sabata ziwiri. Tiwatenge ndithu, tikawaunjike pakona ndi udzu ndi masamba tiziwathira madzi aole, cha m'ma Febuluwale kapena Malichi tidzawamwaza pamwamba mozungulira mitengo. Olowa m'dzenje ndi a ng'ombe aja owolerana, akuda osanunkha, ukawagwira amangofumbutuka m'manja. Dzenje lililonse ndowa imodzi ya malita 20, wilibala imodzi imanyamula ndowa ngati zitatu ndiye maulendo 20 a wilibala ntchito yatha.

Agogo aNaphiri: Ndamva mwanangu, kwathu ku Dedza tinkangothira koma mwina n'chifukwa ina inkauma. Adzatenge Lachisanu

Che Yusufu a ku Mbare: Agogo ndidzadutsa ndine ndi kagalimoto ka achimwene anga Lachisanu madzulo

Bambo Mwale: Nanga feteleza? Ine kumunda kwanga ku Epworth mango anga ndinathira Kompaundi D dzanja limodzi pansi pa dzenje ndipo ali bwinobwino akubereka. Manyowa okha amaitana chiswe

aPhiri a kunazale: Bambo Mwale kwanu ku Epworth ndi mchenga, chakudya m'dothi ndi chochepa ndiye feteleza anathandizadi, ndipo inu munadzala nokha mosamala. Apa padzakhala anthu 40 ena sanadzalepo mtengo, wina adzathira dzanja limodzi wina atatu, wina adzakhazika mizu pa feteleza penipeni, mvula ikadula sabata imodzi mbande yapsa. Ndiye tsiku limenelo ndikupempha feteleza asabwere. Za chiswe mukunena zoona pang'ono, chiswe chimatsata manyowa osaola bwino amene muli mapesi ndi udzu wouma, komanso chimagwira msanga mbande imene yafooka kale ndi ludzu. Chimene tingachite ndi kusaunjika udzu wophimbira pa tsinde penipeni, tisiye mpata ngati chikhatho, ndipo oyang'anira azikanda pa tsinde akaona timizere ta dothi tikukwera.

Bambo Mwale: Phulusa bwanji, amayi anga ankathira phulusa

aPhiri a kunazale: Phulusa anthu ambiri amathira ndipo ena amati limathandiza, ine ndaonapo pena chiswe chikuthawa pena chikudutsa pomwepo mvula ikangolitsuka. Amene ali nalo abweretse tiwaze pang'ono pamwamba, silipweteka mtengo likakhala lochepa.

Bambo Mwale: Ine ndikanakonda tiyese mitengo isanu ndi feteleza tidzaone kusiyana. Ndithira ndekha

Nabanda (mlembi): Zimenezo mukambirane ndi aPhiri pa 29 pamalopo bambo. Okumba mumve ichi poti chaka chino tikufuna chichitike bwino: dothi lapamwamba lakuda lija, kuya kwa fosholo imodzi, muunjike mbali imodzi, lapansi lofiira mbali ina, osasakaniza. Lapamwambalo ndi limene tisakanize ndi manyowa n'kubwezera m'dzenje, lofiiralo ndi lodzaza pamwamba ndi kuumbira beseni losunga madzi.

Chikondi (achinyamata): Ife a kwaya tilipo 11 tibwera pa 6, tipatseni ntchito. Komanso tingabwere ndi ana a Sande sukulu?

Nabanda (mlembi): Eee bwerani nawo koma pa 6 pokha, pa 29 pali mapiki ndi maenje otseguka ana ayi. Ndipo pa maenje pomwepo, akhala sabata yonse pafupi ndi bwalo lomwe ana amasewera mpira, ndiye pomaliza pa 29 tibwezeramo dothi losakaniza lija mpaka hafu n'kuzika kamtengo komangirira kansanza kuti aoneke. Za pa 6 zili chonchi. Otunga madzi ayamba hafu pasiti 5 pa mjigo wa patchalitchi anthu asanachuluke, a kwaya ntchito yanu ndi imeneyo Chikondi. Wina aliyense afike 6 koloko, hafu pasiti 6 aPhiri adzala mtengo umodzi tonse tikuona, kenako tigawana magulu 10 a anthu atatu, gulu lililonse mitengo 6. Pofika 9 koloko mitengo yonse ikhale ili m'dothi yathiriridwa. Kuyambira 9 mpaka 11 ndi kuphimbira udzu ndi kutchinga, nsima 12 koloko. Mapemphero ndi zoyankhula za akuluakulu tichita pomaliza pa nthawi ya chakudya, osati poyamba mbande zikudikira padzuwa.

Chikondi (achinyamata): Madzi ake ochuluka bwanji kuti tidziwe zigubu

aPhiri a kunazale: Mtengo uliwonse malita 20 tsiku lodzala, ngakhale kutagwa mvula usiku wake, chifukwa madzi oyambawo ntchito yake ndi kukhazika dothi kuti ligwirane ndi mizu pasatsale mphako. Mitengo 60 ndi malita 1,200, kapena kuti zigubu 60 za malita 20, kapena madiramu 6 a malita 200. Mukakhala ndi zigubu 20 ndi mawilibala atatu ndi maulendo atatu chigubu chilichonse. Pa mjigo wopopa ndi manja chigubu chimodzi chimatenga mphindi ziwiri kapena zitatu, ndiye zonse ndi maola awiri kapena kupitirira, n'chifukwa chake muyambe m'mamawa muzisinthana popopa. Tikapeza madiramu ngakhale atatu tidzaze Lachisanu madzulo zingapepuke kwambiri.

Chikondi (achinyamata): Diramu imodzi ilipo kwathu, zigubu aliyense wa kwaya abwera ndi ziwiri

aPhiri a kunazale: Koma zisakhale zimene munasungiramo dizilo kapena mankhwala. Zotsala za mafuta ophikira zili bwino mukazitsuka.

Che Yusufu a ku Mbare: Pepala lakuda la chubu lija ena amati ungoboola pansi n'kudzala nalo limaola lokha, zoona?

aPhiri a kunazale: Ayi Che Yusufu siliola, ndipo mitengo yambiri imene imadzalidwa pa masiku ngati amenewa imafa ndi chimenecho. Mizu imangozungulira m'katimo, mtengo umakhala wobiriwira chaka chimodzi osakula kenako wauma, ukazula umapeza pulasitiki ili bwinobwino. Gulu lililonse likhale ndi mpeni kapena lezala, mucheke chubu kutsika m'mbali, muvule mosamala dothi lisagumuke, ndipo machubu onse abwere kwa Nabanda tiwerenge, akakwana 60 tidziwa kuti palibe yomwe yakwiriridwa. Ntchito yotolera machubu ndi yabwino kwa ana a Sande sukulu. Mbande muzinyamula pogwira chubu, osati kukoka tsinde, ndipo tizithirira Lachisanu madzulo kuti dothi ligwirane povula.

Gift wa ku Kambuzuma: Ndiye popeza dzenje ndi lakuya 60 mbande ipite pansi ndithu kuti mizu ipeze chinyontho msanga

aPhiri a kunazale: Pamenepo ndi pomwe ambiri amaphonya Gift. Dzenje timakumba lakuya kuti dothi lifewe mizu idzayende mosavuta, osati kuti mbande imire. Mumadzaza kaye dzenje ndi dothi losakaniza, kupondaponda pang'ono, kenako kufukula kadzenje kolingana ndi chubu pakati. Pomwe dothi la m'chubu linalekezera pa tsinde, pomwepo palingane ndi nthaka ya kunja, mugoneke mpini wa khasu modutsa pa dzenje muone. Mukamiza tsinde khungwa limaola pansipo. Makamaka mango, mapeyala ndi mandimu athuwa ndi olumikiza, pa tsinde pali chipsera pomwe anaphatikiza mitengo iwiri, chimenecho chikhale pamwamba pa dothi poonekera. Ndipo mphukira iliyonse yotuluka kunsi kwa chipserapo muzithothola, mukaisiya imakula kuposa ya pamwamba mapeto ake mudzadya mango a ulusi wamba pomwe tinagula a mtundu.

Mayi a Tadala: ine langa linachita chomwecho ndimu la pakhomo, minga yokhayokha zipatso zake zokhakhala, kani ndi chimenecho

aPhiri a kunazale: N'kutheka ndithu mayi, mukayang'ane pa tsinde ngati nthambi zikuluzikulu zikuchokera kunsi kwa chipsera.

Bambo Mwale: Funso langa lalikulu ndi ili, mvula ikapanda kugwa pofika pa 6? Zaka zina Disembala amayamba kuli ng'a

Nabanda (mlembi): Tinakambirana, pa 29 tikumba kaya yagwa kaya ayi. Zodzala tidzaona Lachinayi pa 4, aPhiri akapisa dzanja m'dzenje, ngati chinyontho chafika pansi tidzala. Ngati kuli kouma ndidzalemba pano Lachinayi lomwelo madzulo.

Bambo Mwale: Ine ndikuti tidzale basi poti mjigo ulipo, mukasuntha tsiku anthu sabweranso, sabata zotsatira ndi maukwati ndi maulendo a Khirisimasi ena akupita kumudzi ku Malawi

aPhiri a kunazale: Mfundo yanu ndi yolemera bambo sindikukana. Kungoti kudzala pouma ndiye kuti malita 1,200 aja kawiri pa sabata mpaka mvula ibwere, ndani apope? Akapezeka anthu olemba maina awo kuti apopa, ine ndivomera.

Nabanda (mlembi): Zimenezi zikutifikitsa pa ntchito imene palibe walembetsa mpaka pano, ndipo kwa ine ndi imene ikundidetsa nkhawa kuposa zonse. Pa 6 anthu adzadzadza ndikudziwa, zithunzi zidzajambulidwa, koma mitengoyi idzafuna munthu mu Januwale mvula ikadula sabata ziwiri, ndipo kuyambira Meyi mpaka Okutobala kulibe mvula konse. Tikufuna mabanja 12 okhala ku Dzivarasekwa konkuno kapena pafupi ngati ku Kuwadzana ndi Warren Park, banja lililonse mitengo 5 yakeyake, tidzamanga kachitsulo ka nambala pa chikhomo n'kulemba m'kope kuti 1 mpaka 5 ndi ya akuti. Ntchito yake chigubu chimodzi pa mtengo sabata iliyonse imene mvula sinagwe, malita 100 pa banja, mutha kuchita Lamulungu potuluka m'tchalitchi. Kuzula udzu m'beseni, kuyang'ana chiswe, mtengo ukafota kunena msanga. Anthu a ku Mbare ndi ku Epworth musadzikakamize pa iyi, ndi kutali, inu tithandizeni pa 29 ndi pa 6.

Agogo aNaphiri: Ndipatseni isanu adzukulu anga azitunga ine ndiziyang'anira, Lamulungu lililonse ndimakhalapo

Chikondi (achinyamata): Kwaya itenga 10, timakumana Lachitatu ndi Loweruka pomwepo

aPhiri a kunazale: Chikondi zikomo koma mulembe maina a anthu awiri enieni, mitengo ya gulu lonse aliyense amaganiza kuti mnzake wathirira. Oyang'anira mudziwenso za Juni ndi Julaye, kuno kumagwa chisanu choopsa usiku makamaka malo otsika a kufupi ndi dambo, mango ndi peyala wamng'ono amapsa nsonga. N'chifukwa zipatso zonse taziika kumtunda, komabe nthawi imeneyo tidzamanga udzu mozungulira kusiya pamwamba potseguka. Ikafika Ogasiti udzu womwewo tichotse ndi kulambula mamita awiri kuzungulira mtengo uliwonse chifukwa cha moto, anthu amatentha tchire la kudambo kuja chaka ndi chaka.

Che Yusufu a ku Mbare: Nanga zotchingira pa 6 tibweretse chani, waya ndi wodula

Nabanda (mlembi): Waya ndalama yake palibe pakadali pano. Tikuti zikhomo zitatu pa mtengo zotalika kufika m'chiuno, zonse 180, ndi matumba akale a ufa kapena a feteleza ong'amba kuzunguliza, awiri pa mtengo. Aliyense wobwera pa 6 anyamule matumba atatu ndi zingwe kapena malamba a chubu cha tayala, amene ali ndi hamala ndi chikwanje abwere nazo. Zikhomo zisakhale zodula mitengo yachilengedwe chonde, nsungwi kapena timatabwa totsala ku ukalipentala.

Gift wa ku Kambuzuma: Matumba mpira ukamenya kawiri agwa amenewo, makamaka mbawa za kumalire a bwalo. Bola tisonkhe dola dola tigule waya wa nkhuku wa mitengo 12 yokhayo

Bambo Mwale: Waya amaba usiku, matumba palibe angabe

Gift wa ku Kambuzuma: Ndiye matayala akale kusanjikiza awiri?

aPhiri a kunazale: Matayala amasunga madzi m'kati udzudzu n'kuswana pokhapokha muwaboole, komanso amatentha ndi dzuwa la Okutobala. Tikaone pamalopo pa 29 kuti mpira umafika pati, mwina n'kungosuntha mzere wa mbawa mamita angapo kuseri kwa golo.

Nabanda (mlembi): Pomwe tafika usiku uno: okumba pa 29 ndi 13 tikufuna ena 7, mapiki 6 tikufuna ena 4, mawilibala 3 akwana, a manyowa alipo 2 mwa 6. Pa 6 otunga madzi akwana, ophika ndi Mayi a Tadala okha tikufuna ena atatu ndi nkhuni. Madiramu ilipo imodzi. Mitengo imene yapeza eni ndi 15 mwa 60. Lole ya manyowa ifika Lachisanu pa 28 cha m'ma 4 koloko madzulo, pakufunika munthu wokhala pafupi akatsegule geti ndi kuonetsa potsitsira.

Mayi a Tadala: mnyamata uja wavomera akuti abwera pa 29 ndi mnzake, piki alibe koma. geti ndikatsegula ndine ndili pafupi, kiyi ndikatenge kwa ndani?